Mlembi, Kandulo ndi Mathero a Marko

Tiyambe ndi kankhani. Kunja kwada, ndipo m'nyumba ya amonke onse agona kupatula mmodzi. Kandulo yatsala pang'ono kutha. Pamaondo pake pali chikopa cha nkhosa chopalidwa mpaka kusalala, chimene wachikanda mizere ndi kachitsulo kuti zilembo zisakhote. Cholembera chake ndi bango losongoledwa. Inki anaipanga ndi timibulu tomera pa mtengo wa oki, mchere wachitsulo ndi utomoni. Pambali pali mpeni wopalira pamene dzanja laphonya.

Akukopera Uthenga Wabwino wa Marko. Wafika pamene amayi aja apeza manda apululu, nathawa ali njenjenje, osauza munthu kanthu chifukwa cha mantha. Akweza maso kuti atenge mzere wotsatira, koma m'buku lakale limene akuonera muli mawu omuchenjeza kuti m'mabuku ena Marko amathera pomwepa. Bango lili m'manja, inki ikuuma. Apitirize, kapena alekere pomwepo?

Usiku ndi kanduloyo ndawonjezera ndine, chifukwa ntchito yotere inkayenda bwino ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo moto pafupi ndi mabuku unali woopsa. Koma mlembiyo analipodi. Dzina lake anali Efremu, mmonke amene m'chaka cha 948 anamaliza kukopera Mauthenga anayi m'Chigiriki. Bukulo lilipobe ku nyumba ya amonke ya Vatopedi pa phiri la Athos ku Girisi, ndipo akatswiri amalitchula ndi nambala 1582.

Mtsutso wake ndi uwu. Ndime zimene ife timaziwerenga ngati Marko 16:9-20, zonena za Yesu kuonekera kwa Mariya wa ku Magadala, kutuma ophunzira, kugwira njoka ndi kukwera kumwamba, mulibe m'mabuku awiri akale kwambiri a zaka za m'ma 300, Vaticanus ndi Sinaiticus. Onsewa amathera pa vesi 8. Mlembi wa Vaticanus anasiya danga lopanda kanthu pambuyo pake, ndipo ena amaganiza kuti ankadziwa za mawu owonjezerawo. Eusebio wa ku Kaisareya, wa zaka zomwezo, analemba kuti mabuku olondola amene anawaona ankathera pa mantha a amayiwo. Komatu mbali inayo nayo ili ndi mboni yamphamvu: cha m'ma 180, Ireneo anali atatchula kale vesi 19 ngati mawu a Marko. Ndimezi n'zakale zedi, ndipo mabuku ochuluka kwambiri ali nazo.

Nanga zimadziwika bwanji kuti mwina dzanja lina linalowapo? Werengani vesi 8 ndi 9 motsatana, mumva msoko. Mariya wa ku Magadala akufotokozedwa ngati mlendo, chonsecho watchulidwa kale kumayambiriro kwa mutu womwewo. Amayi anzake aja angozimiririka. Mnyamata wa m'manda analonjeza kuti adzamuona Yesu ku Galileya, koma ndime zotsatirazo sizitchula Galileya n'komwe. Ovomereza ndimezo nawonso amafunsa funso lomveka: kodi buku lingathere pa kamawu kachigiriki kotanthauza "pakuti", amayi ali ndi mantha, Yesu woukayo asanaoneke?

Efremu analibe manambala a mavesi oti amuthandize, poti anabwera mu 1551. Anali ndi mawu ondondozana, komanso mwambo wokhwima. Ku nyumba ya amonke ya Studios ku Konstantinopo, malamulo ankapereka chilango kwa mlembi wosatsata bwino buku limene akuonera, monga kugwada ndi kugunditsa mphumi pansi kambirimbiri. Mlembi sanali mwini mawu.

Chimene anachita chimandigwira mtima. Sanafufute ndimezo, komanso sanabise chikayiko. Atamaliza vesi 8 analemba chenjezo lija, lakuti m'mabuku ena mlaliki amathera apa, pamenenso Eusebio analekezera mndandanda wake wa zigawo, koma kuti m'mabuku ambiri mawu otsatirawa alimo. Kenako anakopera ndime zonse khumi ndi ziwiri. Akatswiri amaona kuti ngakhale chenjezolo anachita kulitenga m'buku lakale lija, kutanthauza kuti anakopera mawu pamodzi ndi nkhawa ya mlembi wina amene anamwalira kalekale. Nkhani ya mayi wogwidwa m'chigololo, imene ife timaipeza pa Yohane 7:53 mpaka 8:11, anaichitanso chimodzimodzi: anailemba kumapeto kwa Yohane, ndi mawu ofotokoza chifukwa chake.

N'chifukwa chake m'kankhani kanga sindifuna mmonke wachinyengo wosintha Malemba mumdima, ngakhale kuti nthano zotere zimakoma. Ndimamusiya akusongola bango lake mwatsopano, akulemba chenjezo lija mosamala ngati mmene analembera mawu a Marko. Mabaibulo ambiri a masiku ano amatsata njira yomweyo, ndi mikutiramawu kapena kamzere ka m'munsi mwa tsamba pa Marko 16. Akamaliza ndime yotsiriza amadikira kuti inki iume, chifukwa akapinda tsamba likadali lonyowa, ntchito ya usiku wonse idinda patsamba linzake.