Kodi shafiti yachitsulo imagonja liti ikamapotokoledwa?

Shafiti yachitsulo chofewa, monga ya pachigayo, ikapotokoledwa mopitirira muyeso siithyoka msanga. Imayamba yagonja, ndipo mzere wowongoka wojambulidwa m'litali mwake umatsala wokhota ngakhale injini itazimitsidwa. Akatswiri ali ndi njira ziwiri zodziwiratu malirewo.

Njira ya Tresca, ya mu 1864, imayang'ana mphamvu yaikulu yotsetsereza zigawo za chitsulo. Imati chitsulo chimagonja mphamvuyo ikafika theka la mphamvu imene chimagonjera pochikoka. Njira ya von Mises, ya mu 1913, imawerengera nyonga yopotoza maonekedwe a chitsulocho, ndipo malire ake ndi 0.577 m'malo mwa theka.

Chitsulo chogonja pa mamegapasikali 250 pokokedwa chimapirira 125 popotokoledwa malinga ndi Tresca, koma 144 malinga ndi von Mises. Pa shafiti ya mamilimita 40 m'mimba mwake, mphamvu yopotokola ndi manyutoni-mita pafupifupi 1,570 kapena 1,810.

Zoyesa zimagwirizana kwambiri ndi von Mises. Komabe Tresca sayenera kunyozedwa: kulakwa kwake kumapendekera kotetezeka, ngakhale shafiti imakulako pang'ono. Njira zonsezi sizigwira pa chitsulo chophweka chimene chimangothyoka osapindika.