Choyamba n'chiti samu ikasakaniza mapawa, mabulaketi, kugawa ndi kuchotsera?

Samu yokhala ndi zizindikiro zingapo siwerengedwa mongotsata mzere ngati chiganizo. Ili ndi dongosolo lake, lomwe ana asukulu amaliloweza ndi dzina loti BODMAS. Zam'mabulaketi ndizo zimayamba, kenako mapawa, kenako kugawa ndi kuchulukitsa, ndipo kuphatikiza ndi kuchotsera kumatsirizira.

Samu iyi ikuonetsa bwino dongosololi: 50 − (7 − 1)² ÷ 4.

Ntchito imayambira m'mabulaketi, momwe 7 − 1 imapereka 6. Kuchotsera kumeneku kwatsogola chifukwa chakuti kuli m'kati mwa mabulaketi basi. Samu yatsala 50 − 6² ÷ 4. Kanambala kapamwamba kaja ndiye pawa, ndipo kakutanthauza kuti 6 achulukitsidwe ndi 6 mnzake, kupeza 36. Ambiri amaphonya apa n'kulemba 12, poganiza kuti ndi 6 × 2. Tsopano pali 50 − 36 ÷ 4. Kugawa kumayamba: 36 ÷ 4 ndi 9. Pomaliza, 50 − 9 ndi 41.

Diso limakopeka kuti lichotseretu 36 pa 50, kupeza 14, n'kugawa ndi 4, yankho n'kukhala 3.5. Kulakwa kwake kumaoneka samuyo ikapatsidwa nkhani. Mmisiri ali ndi makatoni 50 a matailosi, ndipo katoni iliyonse muli matailosi 4. Chipinda chikufuna mizere 6 ya matailosi 6, onse pamodzi 36, omwe ndi makatoni 9. Otsala ndi makatoni 41. Wochotsa 36 pa 50 wachotsa matailosi pa makatoni, zinthu zosiyana. Ndiye chifukwa chake gawo lonse la 6² ÷ 4 liyenera kusanduka nambala imodzi lisanachotsedwe pa 50.

Zizindikiro zikakhala zamsinkhu umodzi, ntchito imayenda kuchokera kumanzere kupita kumanja. Motero 48 ÷ 4 ÷ 2 ndi 12 ÷ 2, yankho 6, osati 24. Chimodzimodzinso 20 − 8 + 3 ndi 15. Woloweza BODMAS osaimvetsa amayamba kuphatikiza 8 ndi 3, popeza A ili patsogolo pa S, n'kupeza 9. Apa kuloweza kwamusocheretsa, chifukwa kuphatikiza sikuposa kuchotsera.

Pawa imagwira chokhacho chomwe yakhalapo. Mu 10 − 3², pawayo ndi ya 3 yekha, choncho yankho ndi 10 − 9, lomwe ndi 1. Mu (10 − 3)², mabulaketi amanga zonse pamodzi, ndipo yankho ndi 49.

Makakyuleta nawo amasiyana. Kakang'ono kam'golosale kamawerengera batani lililonse likangodinidwa, kotero 50 − 36 ÷ 4 pa iko imatuluka 3.5, pomwe kakyuleta yasayansi imadikira samu yonse n'kupereka 41. Wogwiritsa kam'golosale ayambe wagawa 36 ndi 4, alembe 9 pambali, kenako achotse 9 uja pa 50.