Tebulo la mvula likakana kugwirizana ndi manotsi ake

Tiyerekeze wophunzira wa pa yunivesite amene mphunzitsi wake wamupatsa tebulo la mvula ya chaka chimodzi. Manambala ake wina anawakopera pa kompyuta kuchokera m'manotsi akale olembedwa pamanja, amene anajambulidwa pa sikana. Mvulayo ili m'mainchesi, monga ankayezera nthawi ya Nyasaland, ndipo inchi imodzi ndi mamilimita 25.4.

Pansi pa tsamba lakalelo, mlembi anaika mvula ya chaka chonse: 41.3. Wophunzirayo ataphatikiza miyezi yonse 12 ya mu tebulo akupeza 38.9. Pakusowa 2.4, koma palibe mwezi umene walakwika ndi 2.4. Apa ambiri amagwa ulesi, chonsecho zolakwika ziwiri zimatha kubisana. Pa Januwale tebulo likuti 1.2 pomwe manotsi akuti 7.2, chifukwa kamutu ka 7 kanafufutika n'kuoneka ngati 1. Akakonza pamenepo, chiwerengero chikukwera kufika 44.9, ndiye kuti tsopano chapitirira ndi 3.6. Chotsalacho chili pa Julaye: wokopera analemba 4 m'malo mwa 0.4, poti ziro ndi kadontho sizinatuluke bwino pa chithunzi. Nyengo nayo ikuchitira umboni, chifukwa mainchesi 4 mu Julaye ndi mvula yokayikitsa m'madera ambiri a Malawi.

Tsono uthenga wopita kwa mphunzitsi usangoti "tebulo lija lili ndi zolakwika". Mawu otere amasenzetsa mphunzitsi ntchito yonse yofufuza. Uthenga wabwino ungamveke chonchi:

"Aphunzitsi, ndafananiza tebulo la mvula lija ndi tsamba 3 la manotsi ojambulidwa. Pa Januwale tebulo likuti 1.2, manotsi akuti 7.2. Pa Julaye tebulo likuti 4, manotsi akuti 0.4. Ndikakonza ziwirizi, zonse zikukwana 41.3 monga analembera pansi pa tsambalo. Pa Ogasiti sindinasinthe kanthu: manotsi ali ndi kamzere, koma tebulo lili ndi 0. Ndikupempha mundiunikire. Ndatumiza tebulo loyamba, lokonzedwa, ndi chithunzi cha tsambalo. Zikomo."

Nkhani ya Ogasiti ndi imene ine ndimaiona yofunika koposa. Ziro amatanthauza kuti anayeza n'kupeza kuti mvula sinagwe. Kamzere kangatanthauze zomwezo, komanso kangatanthauze kuti mwezi umenewo palibe anayeza. Kuphatikiza sikungaulule chilichonse apa, popeza 0 sawonjezera kanthu. Koma wina akadzawerengera mvula ya Ogasiti ya zaka zambiri, ziro wongoganizirayo adzatsitsa yankho lake. N'chifukwa chake wophunzirayo wachita bwino kulekanitsa zimene watsimikiza ndi zimene akukayika, n'kusiyira mphunzitsi, amene mwina waona masamba ena a mlembi yemweyo ndipo akudziwa mmene ankagwiritsira ntchito kamzereko.