Antchito khumi, mipando 15: mmene laisensi ya pulogalamu imawerengera anthu

Kale kampani ikagula pulogalamu ya pakompyuta, inkabwera pa CD m'kabokosi. Munkalipira kamodzi, n'kumaigwiritsa ntchito mpaka kompyutayo itatha. Masiku ano mapulogalamu ambiri a mu ofesi, monga Microsoft 365, Google Workspace ndi Salesforce, amachita kubwereketsa, ndipo pafupi ndi mtengo wake pamalembedwa mawu akuti `per user/month`. Ndiye kuti mtengowo ndi wa munthu mmodzi pa mwezi umodzi. Malo a munthu mmodziyo ndi amene ogulitsa amawatcha mpando, ndipo bilu yonse imachokera pa kuchuluka kwa mipando imene kampani yagula.

Pamene pamasokoneza eni mabizinesi ndi apa. Mpando suwerengedwa potengera makompyuta amene ali mu ofesi, kapena anthu amene ali pa mndandanda wa malipiro. Kwa ogulitsa ambiri, mpando ndi akaunti ya munthu wodziwika ndi dzina, yomwe yapatsidwa laisensi. Pa Microsoft 365 Business Standard, munthu mmodzi amaloledwa kuika Word ndi Excel pa makompyuta asanu, matabuleti asanu ndi mafoni asanu, koma zonsezo ndi mpando umodzi basi. Anthu atatu akamasinthana kompyuta imodzi, aliyense ndi akaunti yake, mipando ndi itatu. Ndipo mpandowo uli ngati nyumba ya lendi: kaya mwagonamo kaya mwatha mwezi wonse kumudzi, mwininyumba akufuna ndalama yake yonse.

Tiyerekeze kampani yogulitsa simenti ndi malata ku Limbe, ya antchito 14. Anayi ndi madalaivala ndi onyamula katundu, ndipo sagwira kompyuta. Otsala khumi ndiwo amafuna imelo ndi Excel. Koma bilu ikabwera, ikusonyeza mipando 15. Kuti masamu asavute, tinene kuti mpando umodzi ndi madola 10 pa mwezi. Pa chaka kampaniyo ikulipira madola 1,800, pamene anthu khumi akanangofunika madola 1,200. Mipando isanu yapamwambayo yachokera kuti?

Iwiri ndi ya anthu amene anasiya ntchito. Tsiku lomwe anachoka, woyang'anira makompyuta anatseka maakaunti awo kuti asalowenso, ndipo aliyense anaona ngati nkhani yatha. Koma kutseka akaunti sikuchotsa laisensi. Pa Google Workspace akaunti yoimitsidwa imalipiridwabe ngati ya munthu amene ali pantchito. Pa Microsoft 365 pali masitepe awiri, ndipo ambiri amaima pa loyamba. Mukachotsa laisensi pa dzina la munthu, mpandowo umangokhala wopanda mwini, koma ukadali wanu ndipo mukuulipirabe. Bilu imatsika pokhapokha mwachepetsa chiwerengero cha mipando imene munagula.

Ina iwiri si ya anthu n'komwe. Ndi ma adiresi a `info@` ndi `sales@`, omwe wina anawatsegula ngati maakaunti a antchito. Microsoft ili ndi bokosi la makalata logawana, lotchedwa `shared mailbox`, lomwe silifuna laisensi malinga ngati silinapitirire magigabaiti 50. Ofunika laisensi ndi anthu amene amalitsegula, ndipo iwowo ali nayo kale. Google nayo imalola kuwonjezera ma adiresi ena mpaka 30 pa akaunti ya munthu mmodzi popanda kulipira. Kampani yathuyi yakhala ikulipira madola 240 pa chaka pa chinthu chimene chinali chaulere.

Mpando wachisanu ndi wa akauntanti wa kunja amene anabwera kudzatseka mabuku kwa miyezi iwiri. Uyu mpando ankafunikiradi, chifukwa laisensi siyang'ana kuti munthu ndi wolembedwa ntchito kapena waganyu. Cholakwika chinali mtundu wa mpando umene anamugulira. Kuyambira mu 2022, amene amagula kudzera mwa ogulitsa ovomerezeka ndi Microsoft amasankha mgwirizano wa chaka kapena wa mwezi ndi mwezi. Wa mwezi ndi mwezi umakwera ndi 20 peresenti, koma mutha kuusiya mwezi ukatha. Wa chaka ndi wotsika mtengo, koma mipando mungaichepetse m'masiku asanu ndi awiri oyamba okha. Akadutsa masikuwo mwamangika mpaka chaka chithe, ngakhale kuwonjezera mipando amakulolani tsiku lina lililonse. Akauntantiyo akanagulidwira mpando wa mwezi ndi mwezi, miyezi iwiri ikanadya madola 24. Pa mgwirizano wa chaka wadya madola 120.

Kuno kwathu ndalama zimenezi zimapweteka kwambiri chifukwa mtengo wake umatsatira dola. Pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpando uliwonse wopanda mwini unakwera mtengo limodzi ndi ya anthu ogwira ntchito.

Ena akamva zimenezi amathamangira mbali inayo: kugula mpando umodzi, n'kulemba mawu achinsinsi pa kapepala komata pa kompyuta kuti onse azilowera pomwepo. Malamulo a laisensi ya munthu wodziwika ndi dzina amakana zimenezi, ndipo wogulitsa akafufuza akhoza kukulipiritsani mipando yonse imene munazemba. Koma ine ndimaona kuti vuto lalikulu lili m'nyumba momwemo. Invoisi ikasinthidwa usiku, pulogalamu imasonyeza dzina limodzi lomwe anthu asanu amaligwiritsa ntchito, ndipo palibe amene angafunsidwe.

Kumene antchito amasinthana mashifiti, ndi bwino kufunsa ngati pulogalamuyo ili ndi njira ina yowerengera. Pa Windows Server mutha kusankha `User CAL`, yowerenga anthu, kapena `Device CAL`, yowerenga makina. Malo amene makashiya asanu ndi anayi amasinthana pa makompyuta atatu angagule malaisensi atatu a makina m'malo mwa asanu ndi anayi a anthu. Mapulogalamu ena amawerenga anthu amene alowa pa nthawi imodzi, moti mutagula mipando isanu, wachisanu ndi chimodzi amadikira kuti wina atuluke. Njira imeneyi ikucheperachepera, ndipo Autodesk, eni a AutoCAD, anayamba kuisiya mu 2020 n'kusamukira ku malaisensi a mayina. Zoom nayo ili ndi kawerengedwe kake: wofunika mpando ndi woitanitsa msonkhano, pamene oitanidwa amalowa ulere.

Kuti mudziwe pamene kampani yanu ili, pemphani woyang'anira makompyuta atsegule `Billing` kenako `Licenses` pa tsamba loyendetsera Microsoft 365. Pamenepo muona mipando imene munagula ndi imene yapatsidwa kwa anthu. Ikani mayinawo pambali pa mndandanda wa malipiro a mwezi uno, ndipo dzina lililonse losapezeka kumeneko lifotokozedwe. Musafulumire kufufuta, chifukwa laisensi ikachotsedwa makalata a munthuyo amasungidwa masiku 30 okha. Yambani mwasandutsa bokosi lake kukhala logawana, kenako chotsani laisensi. Mukatero funsani wogulitsa wanu tsiku limene mgwirizano wa chaka ukutha, ndipo mumuuze chiwerengero chatsopano cha mipando tsikulo lisanafike.