Intaneti yadukadi, kapena ndi DNS yomwe yagona?

Tsamba likakana kutseguka, ambirife timafulumira kunena kuti netiweki yaduka. Nthawi zina zimakhaladi choncho. Koma pali vuto lina lomwe limaoneka ngati lomweli, pomwe njira yonse ili bwinobwino, ndipo limatha m'mphindi zochepa ngati mwalizindikira.

Makompyuta sadziwa mayina. Amapezana ndi manambala, monga 8.8.8.8. Mukalemba wikipedia.org, foni kapena kompyuta yanu imayamba yafunsa seva ya DNS kuti dzinali nambala yake ndi iti, monga momwe foni imakupezerani nambala ya achimwene anu mukangosankha dzina lawo. Seva imeneyi kawirikawiri ndi ya kampani imene mumagulako intaneti. Ikasiya kuyankha, kompyuta imasowa kolowera ngakhale kuti njira ilipo.

Chizindikiro chachikulu n'chakuti zinthu sizifera pamodzi. Mukhoza kupitiriza kulankhula ndi munthu pa WhatsApp, kanema amene munayamba kale kuonera n'kumayendabe, tsamba lomwe munatsegula posachedwa n'kutsegukanso, koma tsamba latsopano n'kukana. Chifukwa chake n'chakuti zomwe zalumikizana kale sizifunsanso nambala, komanso kompyuta imasunga kwa kanthawi mayankho amene inalandira. Nthawiyo ikatha, masamba amayamba kugwa limodzilimodzi. Koma intaneti ikadukadi, zonse zimaima nthawi imodzi. Pa Chrome, uthenga woti ERR_NAME_NOT_RESOLVED ukuloza ku DNS, pomwe ERR_CONNECTION_TIMED_OUT nthawi zambiri ukutanthauza kuti nambala inapezeka koma mbali inayo sinayankhe.

Musanapite patali, onani kaye bandulo. Ngati yatsala ya WhatsApp yokha, zizindikiro zake zimafanana kwambiri ndi zimenezi, ndipo kusintha DNS sikungakuthandizeni.

Tiyerekeze kuti muli mu ofesi, pa laputopu ya Windows yolumikizidwa ku rauta. Tsegulani Command Prompt n'kulemba:

```
ping 8.8.8.8
```

Lamuloli silidutsa ku DNS, popeza nambala mwapereka nokha. Mukaona mizere yoyamba ndi "Reply from 8.8.8.8", ndiye kuti njira yopita kunja ndi yotseguka. Ikabwera "Request timed out" pa mizere yonse, mwina intaneti yadukadi, ngakhale kuti ma netiweki ena amatsekereza dala `ping`. Kenako funsani dzina lomwelo kawiri:

```
nslookup wikipedia.org
nslookup wikipedia.org 8.8.8.8
```

Mzere woyamba ukufunsa seva yanu ya masiku onse, wachiwiri ukufunsa ya Google. Woyamba ukati "DNS request timed out" koma wachiwiri n'kubweretsa manambala, wolakwa mwamupeza. Ine ndimakonda kuyesa motere chifukwa simunasinthe kalikonse pa kompyuta, koma yankho mwalipeza. Onse awiri akati "Non-existent domain", yang'ananinso kalembedwe ka dzinalo. Mwina mwaphonya chilembo, kapena eni ake sanalipire dzinalo.

Tsopano mutha kusintha seva. Mu Settings, pitani pa netiweki imene mwalumikizako, pezani malo a DNS, lembani papepala zomwe zinalipo, ndipo muike 8.8.8.8 ndi 8.8.4.4 za Google, kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2018. Mukatero lembani `ipconfig /flushdns` kuti kompyuta iiwale mayankho akale, apo ayi mungaganize kuti kusinthako sikunathandize. Pa foni ya Android pali Private DNS, ndipo pamenepo simulemba nambala koma dzina, monga `dns.google`. Chenjerani ndi kompyuta ya kuntchito: masamba am'kati mwa kampani amadziwika ndi seva ya kampaniyo yokha, choncho mukamaliza kuyesa bwezerani zomwe munapeza.

Pali nthawi yomwe uthenga umaloza ku DNS koma kusintha seva sikuphula kanthu. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinazima kwa maola pafupifupi 6. Cholakwika pa ntchito yokonza netiweki ya kampaniyo chinachititsa kuti maseva ake enieni a DNS, amene amasunga yankho lenileni la dzina loti facebook.com, asafikirike. Seva ya Google kapena ya Cloudflare imangokafunsa kwa mwini dzina m'malo mwanu, ndiye mwiniyo atasowa, nazonso zinalibe chopereka. Vuto lotere mungalizindikire poyesa mayina angapo. Ngati mayina ena onse akuyankha pa maseva awiriwo koma limodzi lokha likukana konsekonse, palibe choti mukonze pa kompyuta yanu, ndipo kuimbira foni kampani yanu ya intaneti n'kungotaya mayunitsi.