Chithunzi cha chipere chimene dokotala angachiwerenge

Nyumba zambiri za lendi ku Chinsapo zili ndi zenera limodzi laling'ono, ndipo mkati mumachita mdima ngakhale masana. M'zipinda zoterezi ndi momwe makolo ambiri amajambulira ziwengo za mwana, n'kutumiza pa WhatsApp kwa mbale wawo amene ndi namwino kapena dokotala, kuti awauze ngati ndi zofunika kukwerera minibasi ya ku Bwaila kapena ku Sentulo. Chimene chimafika uko ndi khungu lakuda bii, lonyezimira pakati, losadziwika ngati ndi mkono kapena ntchafu.

Kufunsa za khungu pogwiritsa ntchito zithunzi si kwachilendo. Pulojekiti ya Africa Teledermatology inayamba mu 2007, ndipo Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene azaumoyo ake ankatumiza zithunzi kwa akatswiri a kunja. Koma katswiri aliyense amangoona zokhazo zimene wojambula wamuonetsa.

Titenge mwana wa sitandade 2 amene watuluka chibanga chozungulira pamkono, choyabwa. Mayi ake ayambe amutulutsa panja, pakhonde kapena pamthunzi wa khoma, m'mawa kapena chakumadzulo. Dzuwa la liwombo limayeretsa khungu n'kubisa mtundu wake, pamene fulashi imabwezedwa ndi khungu lakuda ngati galasi, makamaka likakhala lodzola mafuta. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa chifukwa cha chikondi: amayamba amusambitsa mwana, kumudzoza Vaselini, mwina kupakapo jivi, ndiye kujambula. Mafuta amagoneka timamba toyera, jivi amaphimba zonse, chonsecho timambato ndi tomwe dokotala akufuna kuona. Chipere chimadziwika ndi m'mphepete mwake motukuka, mwa timamba, pakati pakuoneka ngati pakuchira. Jambulani musanapake kalikonse.

Pansi pa mkono ikanipo nsalu ya mtundu umodzi, yobiriwira kapena yabuluu. Chitenje cha maluwa chimakopa kamera kuti ionetse bwino maluwawo kusiya khungu. Nsalu yoyera mbuu nayo ili ndi vuto lake: foni imachepetsa kuwala pofuna kuti nsaluyo ioneke bwino, khungu n'kuda kwambiri. Pa khungu lathu kufiira kwa kutupa sikuonekera msanga, kumabwera ngati kuderako kapena kotuwa, kotero kuwala kukachepa pang'ono kusiyanako kumatayika.

Chithunzi chimodzi sichikwanira, ndipo ine ndimaona kuti chofunika kwambiri ndi chimene anthu amachinyozera, chapatali. Imani pafupifupi mita imodzi kuti mkono wonse uoneke, kuyambira phewa mpaka zala. Malo amene nthenda yakhala amanena zambiri. Mphere zimakonda pakati pa zala, pamfundo za manja ndi m'chiuno. Mashingozi amatsata mzere mbali imodzi yokha ya thupi. Wojambula chiphuphu chimodzi pafupi kwambiri wataya uthenga wonsewu.

Kenako senderani pa masentimita 30 kapena 40, chibanga chioneke pamodzi ndi khungu labwino lozungulira. Chomaliza chikhale cha pa masentimita 10 mpaka 15. Mukapitirira apa, mafoni ambiri salozanso bwino. Pukutani diso la kamera, tsamiritsani zigongono pamaondo, gwirani pasikirini pamene pali chibangacho, dikirani chiwale. Mukatha, chikulitseni ndi zala: ngati timizere ta khungu ndi ubweya zikuoneka, chatheka. Ngati zasungunuka, bwerezani. Kuti kutukuka kuoneke, mutembenuzeni mwanayo kuti kuwala kuchokere chammbali, m'mphepete muchite kamthunzi.

Nanga kukula kwake? Tengani rula m'chikwama cha sukulu, muigoneke pambali pa chibanga osachiphimba, foni ipenye molunjika osati mopendekera. Rula ikayandikira kamera kuposa khungu, imanama. Ikasonyeza masentimita 2 lero, ndipo pakatha masabata awiri a mankhwala ikusonyeza 3 pa chithunzi chojambulidwa pakhonde lomwelo nthawi yomweyo, achipatala ali ndi umboni woti asinthe chithandizo kapena aganizire nthenda ina. Rulayo itsukidwe ndi sopo, chifukwa chipere n'chopatsirana.

Potumiza, sankhani HD kapena Document, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi kuti isunge bandulo. Lembaniponso zaka za mwana, tsiku limene zinayamba, ngati zikuyabwa, ngati ena pakhomo ali nazo, ndi mankhwala amene mwapakapo kale. Nkhope ndi malo obisika zisajambulidwe popanda chifukwa, ndipo chithunzi chipite kwa wachipatala yekhayo, osati pagulu la mpingo kapena la banki mkhonde.

Pali zina zosadikira yankho la pafoni. Chibanga chotuwa chimene sichimva kukhudza chingakhale khate, ndipo dzanzi silijambulika. Chilonda chosapola pa munthu wachialubino chikufunika kuonedwa msanga, poopa khansa. Matuza obwera ndi kutentha thupi komanso mwanabele, monga a mpox imene inapezeka mu Lilongwe mu Epulo 2025, asagwidwe ndi manja kapena rula. Wodwalayo apite kuchipatala tsiku lomwelo.