Mankhwala Odzera M'mphuno: Madzi Ndiwo Amasunga Chubu

Agogo ena a zaka 72 anadwala sitiroko, ndipo kumeza kunayamba kuwavuta. Akamwa madzi ankatsamwa. Anamwino anawalowetsa kachubu kofewa m'mphuno, kotsika kukhosi mpaka m'mimba, kuti phala losefa, madzi ndi mankhwala zizidzera m'menemo. Mwana wawo, yemwe ankawadwazika, anaphunzitsidwa kugwiritsa ntchito kachubuko. Pa tsiku lachinayi sirinji inakana kukankhika. Chubu chinali chitatsekeka, ndipo agogowo anamva ululu wolowetsedwa china.

Chinachitika n'chakuti mwanayo, pofuna kufulumira, anasinja mapiritsi onse pamodzi n'kuwathira m'phala. Njira ya m'kati mwa chubu ndi yopapatiza kwambiri. Ufa wa mapiritsi ukakumana ndi phala kapena mkaka umaundana, n'kumatirira m'mbali, kenako n'kuuma. Mankhwala osiyana akasakanikirana amathanso kupanga timibulu kapena kuchepetsana mphamvu. N'chifukwa chake mankhwala alionse amayenera kulowa okha, madzi n'kutsatira pambuyo.

M'mawa agogowa ankalandira amulodipini wa BP, asipulini wosungunuka m'madzi, ndi mapiritsi awiri a panado. Ntchito imayamba ndi kusamba m'manja ndi kuwakhazika chotsamira, mutu ndi chifuwa zili m'mwamba, kuti zolowa m'mimba zisabwerere kukhosi. Kenako mumatsimikiza kuti chubu chikadali m'mimba. Mumaona ngati chizindikiro cha pamphuno chili pamalo ake, ndipo komwe kuli timapepala toyezera asidi, namwino amakoka timadzi ta m'mimba n'kuyeza. Muyeso wa pH ukakhala 5.5 kapena kutsika apo, chubu chili m'malo. Ngati chatuluka pang'ono, kapena wodwala akutsokomola ndi kubanika, musathiremo kanthu, chifukwa mwina chalowera kumapapo.

Zikakhala bwino, kankhani mamililita 30 a madzi owiritsa ozizira kuti zotsalira za phala zichoke. Gwiritsani ntchito sirinji yaikulu, ya mamililita 50 kapena 60, popeza yaing'ono imakankha mwamphamvu moti ingathe kung'amba chubu. Nyenyani amulodipini pakati pa masipuni awiri mpaka akhale ufa wosalala, msungunuleni m'mamililita 15 a madzi, mum'lowetse, kenako mutsukuluze ndi mamililita 10. Chitani chimodzimodzi ndi asipulini, yemwe amasungunuka yekha osanyenya. Panado ali ndi ufa wambiri, choncho ngati alipo wamadzi, ndi bwino kupempha ameneyo. Mankhwala amadzi amafunika kuwakhutchumula, ndipo akakhala onata ngati uchi, kuwasungunula ndi madzi ofanana nawo kuchuluka. Pomaliza kankhani mamililita 30 enanso, mutseke chubu, ndipo wodwala akhalebe chotsamira kwa theka la ola.

Tikawerengera, madzi onsewa ndi mamililita 125, pafupifupi theka la kapu. Kwa munthu wamkulu si vuto, koma kwa khanda kapena wodwala impso ndi mtima ndi ochuluka. Oterewa dokotala ndiye amanena muyeso wa madzi.

Pali mapiritsi ena osayenera kusinjidwa n'komwe. Amene pa paketi pake palembedwa SR, MR kapena XL anapangidwa kuti azitulutsa mphamvu pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Nifedipini wa mtundu umenewu akasinjidwa, mphamvu yonse imalowa m'magazi nthawi imodzi, BP n'kutsika mwadzidzidzi. Olembedwa EC ali ndi kachikopa kowateteza ku asidi wa m'mimba. Akasinjidwa, chitetezocho chimatha, ndipo tizidutswa ta kachikopako timamata chubu. Enanso sagwirizana ndi chakudya. Fenitoini, wa matenda akugwa, salowa bwino m'thupi akakumana ndi chakudya cha m'chubu, motero ambiri amalangizidwa kusiya mpata wa maola awiri asanam'pereke ndiponso atam'pereka. Choncho mankhwala atsopano akabwera, funsani kaye kufamase ngati angasinjidwe.

Chubu sichitsekeka mwadzidzidzi kawirikawiri. Chimayamba n'kulimba pokankha, madzi n'kumatsika mochedwa. Mukaona zimenezo, tengani madzi ofunda, osati otentha, muzikankha pang'ono n'kukoka pang'ono mobwerezabwereza, kwinaku mukufinya chubu ndi zala pomwe paoneka chotsekacho. Mutha kusiya madziwo kwa mphindi 20 kuti afewetse zouma, n'kuyesanso. Musathiremo kokakola kapena madzi a mandimu, chifukwa asidi wake amaundanitsa mkaka, chotseka n'kulimbiratu. Musatokosemo ndi waya kapena kukankha mwamphamvu. Chikakanabe, itanani namwino.

Mwana wa agogo uja atamvetsa zimenezi, ankaika makapu ang'onoang'ono atatu patebulo, mankhwala alionse m'kapu yakeyake, botolo la madzi owiritsa lili pambali. Chubu chachiwiricho sichinatsekekenso mpaka tsiku limene agogowo anayambanso kumeza phala ndi sipuni.